Ndiwo za Lamulungu zingafike bwanji Lachisanu? Funso la a Mwale

A Mwale: Ndakupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi vuto la kukhitchini, ngakhale gulu lathu ndi la masewera olimbitsa thupi. Ndimagwira ntchito mu ofesi muno m'tauni ya Chipata, ndimaweruka 17 koloko, ndipo masiku anayi pa sabata ndimapita kukanyamula zitsulo mpaka cha m'ma 19 koloko. Pofika kunyumba ku Kapata nthawi imakhala itapitirira 19:30, thupi lili lefu, ndipo nthawi zina magetsi amakhala atapita. Ndimakhala ndekha. Zotsatira zake n'zakuti ndimagula chipisi kapena michopo panjira, ndipo ndalama zikutha koma mphamvu sizikuwonjezeka. Sabata yatha ndinayesa kuchenjera: Lamulungu ndinaphika poto wamkulu wa nyemba ndi poto wina wa mpunga, ndinazisiya pachitofu kuti zizizire mpaka m'mawa, kenaka ndinalowetsa mapoto onse awiri m'firiji. Lachitatu usiku ndinadya mpunga uja ndi nyemba, ndipo pasanathe maola atatu ndinayamba kusanza, moti Lachinayi sindinapite kuntchito. Ndimalemera makilogalamu 72. Ndili ndi firiji yaing'ono ya kafiriza pamwamba, chitofu cha gasi cha mbale ziwiri ndi mbaula. Ndiphike chiyani, ndipo ndisunge motani, kuti chakudya cha tsiku limodzi chindifikitse Lachisanu?

A Jere: Pepani achimwene ndi matendawo. Ine ndakhala ndikunyamula zitsulo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinaleka kalekale kuvutika ndi mapoto. Chofunika kwa munthu wonyamula zitsulo ndi mapuloteni, ndipo ayenera kulowa m'thupi pasanathe mphindi 30 mutatsitsa chitsulo chomaliza, apo ayi thukuta lonse lapita pachabe. Ine ndimanyamula mazira anayi aawisi m'chikwama, ndikamaliza ndimawaswera m'kapu ya mkaka n'kumwa pomwepo. Palibe kuphika, palibe firiji, palibe kutsuka mbale. Nsima ya usiku ilekeni, imangokulitsa mimba.

A Nabanda: A Mwale, ndisanafike pa zoti muphike, ndiyambe ndi zimene zinakudwalitsani, chifukwa mukapanda kuzimvetsa mudzadwalanso ngakhale mutasintha ndiwo. Ntchito yanga ndi yophikira anthu ambiri pa maukwati ndi pa misonkhano, ndipo chimene ndimachiopa kuposa moto ndi poto wamkulu amene akuzizira pang'onopang'ono.

Sindinakuyezeni, koma mmene mwafotokozera, ndikukayikira mpunga kuposa nyemba. Mu mpunga wosaphika mumakhala mbewu za kachilombo kena zimene sizifa ndi kuphika. Mpunga ukapsa n'kukhala wofunda maola ambiri, mbewuzo zimadzuka, tizilombo timaswana, ndipo timasiya poizoni amene saphwanyika ngakhale mutautenthetsanso mpungawo mpaka kutulutsa nthunzi. Chizindikiro chake ndi chimene mwanenacho, kusanza kumene kumayamba msanga, pakati pa ola limodzi ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi mutadya. Choipa kwambiri n'chakuti mpunga wotere nthawi zambiri sununkha ndipo sumveka kusasa pakamwa, choncho mphuno siingakuchenjezeni.

Munalakwitsa pawiri. Poyamba, munasiya chakudya pachitofu usiku wonse, pamene chakudya chophikidwa sichiyenera kukhala kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 32, ndi ola limodzi lokha. Kachiwiri, munalowetsa poto wathunthu. Firiji imaziziritsa kuyambira kunja, ndiye m'mbali mwa poto mumazizira pamene pakati pakadali pofunda kwa maola ambiri, ndipo pakatipo ndi pamene tizilombo timachita phwando. Onjezanipo magetsi amene amapita masana inu muli kuntchito, muona kuti mpunga wa Lamulungu sukanafika Lachitatu.

A Tembo: Ine ndine wamkulu pang'ono pa gulu lino, ndimangoyenda wapansi m'mawa, koma ndiloleni ndiyankhepo. Ifetu tinakulira ku Katete kopanda firiji, ndipo amayi ankaphika nyemba mumphika n'kudya masiku atatu osadwala aliyense. Chinsinsi chinali kufunditsa. Madzulo aliwonse ndi m'mawa uliwonse mphika unkabwerera pamoto mpaka kuwira, kenaka ankavundikira osalowetsamonso chipande. Mwana wanga Mwale, firiji ya masiku ano ndi yosadalirika chifukwa cha magetsi, choncho bwererani ku njira ya makolo. Mbaula muli nayo, malasha ku msika wa Kapata sasowa.

A Nabanda: Amalume a Tembo, njira ya amayiyo ili ndi nzeru yake ndipo sindiinyoza. Kuwiritsa kumapha tizilombo timene talowa, ndipo kuvundikira osagwiramo kumachepetsa kulowa kwa tatsopano. N'chifukwa chake ndiwo za msuzi zinkapirira. Koma taonani zimene njirayo imafuna: munthu wokhala pakhomo amene adzawiritsa mphika wonse, osati kungofunditsa, kawiri pa tsiku mosaphonya. A Mwale amachoka 7 koloko m'mawa n'kubwerera 19:30, ndiye kuti poto akhala maola oposa 12 m'nyumba ya malata yotsekedwa. Komanso kwa mpunga njirayi siigwira n'komwe, pa chifukwa cha poizoni uja wosamva moto. Nyemba zowiritsidwa kasanu ndi kamodzi nazonso zimasanduka phala, ndipo gasi kapena malasha amene mungathere pamenepo ndi ambiri kuposa ophikira nyemba zatsopano.

A Tembo: Za mpunga ndavomera, chifukwa kwathu mpunga unali wa pa Khirisimasi ndipo sunkagona. Koma za nyemba sindinagonje. Ndadya nyemba zofunditsa zaka zoposa 50.

A Naphiri: Pepani ndilowererepo. A Mwale, ngati cholinga ndi kuchepetsa thupi, ine chimene chinandithandiza ndi kusiya kudya madzulo. Ndimathamanga m'mawa kuzungulira bwalo la David Kaunda, ndimadya bwino masana, ndipo madzulo ndimangomwa tiyi wopanda shuga ndi chipatso. Ndiye nkhani yophika usiku siindikhudza, ndipo m'miyezi inayi malamba onse anandikulira.

A Mwale: Zikomo alongo, koma ine sindifuna kuchepa. Ndine wowonda kale, ndipo anzanga ku ofesi amaseka kuti zitsulo zikundinyamula ine. Ndikagona ndi tiyi nditachoka kunyamula zitsulo, m'mawa ndimadzuka ndikunjenjemera. A Nabanda, ndamva pamene ndinalakwitsa. Tsopano ndiuzeni chochita Lamulungu likubwerali.

A Nabanda: Mfundo yake ndi imodzi: phikiranitu zimene zimadya nthawi, ndipo zimene zimapsa msanga muziphika tsiku lomwelo. Chimene chimakulepheretsani kudya bwino madzulo si nsima ayi, ndi ndiwo. Nsima ya munthu mmodzi pa gasi, madzi mutayamba mwawawiritsa, imapsa m'mphindi 15 kapena 20. Nyemba ndi zimene zimafuna maola, nkhuku imafuna kudula ndi kuphika, ndipo kusenda anyezi ndi kudula matimati uli wotopa ndi kumene kumachititsa munthu kukhotera kwa ogulitsa chipisi. Choncho Lamulungu ndi tsiku la ndiwo.

Ntchito iyambe Loweruka usiku. Sankhani nyemba theka la kilogalamu, kaya ndi kabulangeti kaya za ku Lundazi, muzinyike m'madzi ambiri mpaka m'mawa, maola 8 kapena 12. Musaphike kilogalamu yathunthu, chifukwa nyemba zikapsa zimalemera kuposa kawiri, ndipo theka la kilogalamu likupatsani makapu asanu ndi limodzi, amene ndi okwanira munthu mmodzi sabata yonse. M'mawa tayani madzi onyikirawo, thirani atsopano, ndipo ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyamba musanachepetse moto. Nyemba ziikeni pa mbaula kuti gasi asathe. Zonyika zimapsa mu ola limodzi kapena ola ndi theka, malinga ndi kukalamba kwake, koma matimati muthire zitafewa kale, chifukwa kuwawasa kwa matimati kumachedwetsa kufewa.

Nyemba zili pa mbaula, mbale ziwiri za gasi zigwire ntchito. Pa ina ikani nkhuku imodzi yoyera ya kilogalamu ndi theka, yodula zidutswa, ndipo ipsa m'mphindi 40. Nkhuku yachikuda ndi yokoma, koma ya tsiku la mlendo, chifukwa imatenga nthawi yowirikiza. Pa mbale inayo kazingani anyezi atatu ndi matimati khumi mpaka madzi aphwe, musiye msuzi wokhuthala. Msuzi umenewu ndiwo chuma chanu: gawo lina lipite mu nyemba, lina mu nkhuku, ndipo lotsala muligawe m'timakontena ting'onoting'ono tinayi kapena tisanu toika m'firiza. Poto wa msuzi akachoka, wiritsani mazira khumi kwa mphindi 10, muwaziziritse m'madzi, ndipo musawasende, chifukwa dzira lowiritsa lili m'chikamba chake limakhala sabata m'firiji. Pomaliza kazingani kapenta wouma magalamu 200 mpaka akhale wokhukhuta, wopanda matimati, ndipo akazizira mumuike m'botolo louma lotseka bwino.

Tsopano kuziziritsa, kumene ndi pamene munagwera. Poto akachoka pamoto, muikeni m'beseni la madzi ozizira, muzitakasa ndiwozo, ndipo madzi a m'beseni akafunda muwasinthe. Pakatha mphindi 20 kapena 30 nthunzi imakhala itatha. Gawirani m'makontena osaya, chakudya chisapitirire kuya kwa zala zitatu zogona, kontena iliyonse ikhale ya kudya kamodzi, kuti musamatsegule ndi kupisamo supuni tsiku ndi tsiku. Zonse zikhale zitalowa m'firiji pasanathe maola awiri chichokereni pamoto. Musadikire kuti zizizire ngati madzi a mumtsuko. Chakudya chofunda pang'ono m'kontena yosaya sichiwononga firiji.

Za Lolemba ndi Lachiwiri zikhale m'firiji pansi. Za Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu zipite m'firiza. Kumene magetsi sapita, ndiwo zophika zimakhala masiku atatu kapena anayi m'firiji yozizira pansi pa madigiri 5, koma kwathu kuno ine ndimawerenga masiku awiri basi. Usiku uliwonse musanagone, tsitsani kontena za mawa kuchoka m'firiza kupita m'firiji kuti zisungunuke m'menemo, osati pa tebulo.

A Jere: Mayi, zonsezo ndi zabwino kwa munthu wofuna kukhuta, koma a Mwale akufuna minofu. Nyemba ndi kapenta zingamange chifuwa? Ndipo pofika kunyumba n'kuphika nsima, mphindi 30 zija zidzakhala zitadutsa kalekale.

A Zulu: A Jere, apa ndiyankhe ine, popeza ndimaphunzitsa masewera ku sekondale ndipo nkhaniyi ndimakangana nayo ndi anyamata chaka ndi chaka. Mukunena zoona kuti mapuloteni ndi ofunika, koma za mphindi 30 mwazikulitsa. Munthu amene anadya nkhomaliro yabwino ndi kachakudya kena madzulo asanayambe kunyamula, thupi lake likadali ndi zogwiritsa ntchito, ndipo kudya 20 koloko sikumutayitsa kanthu. Chimene chimalemera kwambiri ndi kuchuluka kwa mapuloteni a tsiku lonse. Kwa wonyamula zitsulo, muyeso umene ambiri amagwirizana nawo ndi pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kwa a Mwale a makilogalamu 72 ndi magalamu pafupifupi 115 pa tsiku.

Tiyeni tiwerenge ndi chakudya chimene a Nabanda akonza. M'mawa, mazira awiri owiritsa apereka magalamu 12, ndipo phala lothira kapu ya mkaka ndi supuni ya chiponde liwonjezera ena 12. Masana, kapu ya nyemba ili ndi magalamu 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo dzanja limodzi la kapenta wouma, la magalamu 30, lili ndi pafupifupi 17, chifukwa kapenta wouma oposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Cha m'ma 15:30, nthochi ziwiri ndi dzanja la nshawa zokazinga zipereka 7 kapena 8. Madzulo, gawo limodzi mwa magawo asanu a nkhuku ija lili ndi magalamu 25 mpaka 30, ndipo nsima yeniyeniyo, ya ufa wa magalamu 100, ili ndi pafupifupi 8. Tikaphatikiza tili pafupi ndi 100, ndipo kapu ya mkaka wowawasa pogona itifikitsa pafupi ndi 110. Palibe chogula m'mabotolo odula pamenepa.

Za mazira aawisi, achimwene, mukudzibera nokha. Thupi limatenga pafupifupi theka lokha la mapuloteni a dzira laliwisi, pamene a dzira lophika limatenga oposa magawo 9 mwa 10. Mazira anu anayiwo akukugwirirani ntchito ya awiri, ndipo mukudziika pangozi ya matenda otsegula m'mimba.

A Jere: Za theka sindinazimvepo, ndipo ine sanandidwalitsepo. Koma ngati zili choncho ndiye kuti mazira anga ambiri apita pachabe. Ndiyesa owiritsa, ngakhale amauma pakhosi. Za nsima ya usiku ndikadali pomwepo.

A Zulu: Kwa inu amene mukudandaula ndi mimba, kuchepetsa mitanda kungathandize. Koma chimene chimanenepetsa ndi kudya zoposa zimene thupi lagwiritsa ntchito tsiku lonse, osati ola limene nsima yalowa. A Mwale ndi owonda ndipo angochoka kotulutsa thukuta maola awiri, choncho mitanda iwiri ndi yoyenera. Vuto lenileni la nsima yambiri mochedwa ndi kugona movutika ndi kutentha pamtima ngati ugona utangodya, ndiye asiye ola limodzi kapena awiri asanapite kukagona.

A Mwale: Ndathokoza nonse awiri. Pali zitatu zimene zikundivutabe. Masana ku ofesi ndidye nyembazo ndi chiyani, popeza mpunga tsopano ndikuuopa? Ku ofesi kwathu kulibe chotenthetsera chakudya, kuli ketulo yokha. Ndipo magetsi akapita maola ambiri ine kulibe, ndidziwa bwanji kuti za m'firiza zikadali zabwino?

A Nabanda: Mpunga musauthawe, ingousungani mwa njira yake. Mukauphika, uyaleni pa thireyi kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji pasanathe ola limodzi, ndipo wa m'firiji mudye tsiku lotsatira lomwelo. Wotsala wonse upite m'firiza m'magawo, ndipo gawo lililonse litenthetsedwe kamodzi kokha. Mpunga wa ku Chama umabwerera bwino mukauwaza madzi pang'ono potenthetsa. Koma ine kwa munthu wa ku ofesi ndimakonda kandolo wowiritsa ndi makoko ake, amene amakhala masiku awiri kapena atatu m'firiji ndipo amadyeka wozizira osadandaula. Muwiritse Lamulungu wa Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo Lachitatu muwiritse wina wa masiku otsalawo.

Popeza kulibe chotenthetsera, pali njira ziwiri, ndipo musasakanize. Chakudya chipite chotentha kwambiri kapena chozizira kwambiri, chofunda ndiye choopsa. Ngati mungagule fulasiki ya chakudya ya kukamwa kwakukulu, m'mawa thiranimo madzi owira akhale mphindi zisanu, pamene nyemba zikuwira pa gasi mpaka kubwadamuka paliponse, kenaka tayani madziwo, thirani nyemba n'kutseka. Pofika 13 koloko ziyenera kukhala zikutulutsabe nthunzi, ndipo mukapeza zangofunda dziwani kuti fulasikiyo siisunga kutentha. Ngati fulasiki palibe, nyamulani kontena yozizira pamodzi ndi botolo la madzi oundana m'chikwama chimodzi, ndipo madziwo mudzamwa madzulo ku masewera.

Mabotolo omwewo ndiwo yankho la magetsi. Malo onse otsala m'firiza mudzazemo mabotolo a madzi, osadzaza mpaka pakamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma. Firiza yodzaza yosatsegulidwa imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa ya theka. Zikuluzikulu zimafika masiku awiri, koma kanu kakang'onoko musakayembekezere kufika pamenepo. Mbali ya firiji ndiyo yofooka, chifukwa imangopirira pafupifupi maola anayi chitseko chili chotseka, choncho m'mawa uliwonse pochoka tsitsani mabotolo awiri oundana muwaike pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi makontena. Kuti mudziwe zimene zachitika inu kulibe, undanitsani madzi m'kapu n'kuika khobidi pamwamba pa ayeziwo. Mukapeza khobidi lamira pansi pa kapu, ndiye kuti zonse zinasungunuka n'kuundananso. Kontena imene ikadali ndi timiyala ta ayezi mkati ndi yabwino. Imene yasungunukiratu koma ikuzizirabe ngati ya m'firiji, iwiritseni mudye tsiku lomwelo. Imene yafunda, tayani, ngakhale mtima ukuwawa.

A Naphiri: Tsopano ndamva funso lenileni, pepani poyamba paja. Pa zamasamba ndingathandizeko, chifukwa sizinatchulidwe. Ine ndinayesa kuphikiratu repu wa sabata yonse, ndipo pofika Lachitatu anali wakuda, wonanda, wosadyeka. Chibwabwa chotendera ndiye chinasasa tsiku lachiwiri, nsinjiro sizichedwa. Panopa ndimatsuka repu Lamulungu, ndimamuyanika pa nsalu mpaka madzi onse athe, ndimadula n'kuika m'pepala la pulasitiki ndi kansalu kouma mkati. Amakhala masiku atatu, ndipo kuphika kwake ndi mphindi zisanu. Kumapeto kwa sabata ndimadalira kabichi, amene savuta kusunga.

A Tembo: Ndipo musaiwale mfutso, ana inu. Masamba a nyemba kapena a khobwe ofutsa safuna firiji, safuna magetsi, amakhala m'chikwatu chaka chonse. Apa a Nabanda sanditsutsa.

A Nabanda: Apa sinditsutsa, amalume, ndipo mwandikumbutsa chinthu. A Mwale akhale ndi ndiwo za tsiku la tsoka zosadalira firiji: kapenta uja, mfutso, ndi paketi ya soya. Soya mukamunyika m'madzi otentha mphindi zisanu, n'kumufinya, n'kumukazinga ndi kontena imodzi ya msuzi wa matimati uja, m'mphindi 10 muli ndi ndiwo, ndipo soya wouma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni. Repu wa a Naphiri naye aphikidwe ndi msuzi womwewo. Dongosolo la madzulo likhale ili: mukangolowa m'nyumba, musanakhale pansi, telekani madzi a nsima ndi kukandira phala, ndipo phala likuwira pa moto wochepa, mbale inayo itenthetse nkhuku mpaka msuzi uwire, kenaka masamba. Mukangokhala pa mpando ndi foni m'manja, simudzukanso.

A Mwale: Nanga nsimayo sindingaiphikiretu? Tili ana tinkadya mkute m'mawa osadwala.

A Nabanda: Mkute wa usiku umodzi wosungidwa m'firiji n'kutenthetsedwa bwino ulibe vuto, koma nsima yogona imalimba ndi kutuluka madzi, ndipo kuitenthetsa pa nthunzi kumatenga pafupifupi nthawi yofanana ndi kuphika yatsopano. Ine sindiona phindu lake.

A Zulu: Ine ndimachita, mayi. Ndimakulunga mitanda m'pulasitiki ikadali yofunda, ndipo mawa lake ndimaiduladula n'kuiponya mu msuzi wa nyemba ukuwira. Si nsima ya mlendo, koma poto wa nsima sinditsuka tsiku limenelo.

A Nabanda: Imeneyo kwathu sitiitcha nsima, aphunzitsi, koma ikagona m'firiji siikudwalitsani.

A Mwale: Ndabweranso patatha sabata kuti ndipereke lipoti. Ntchito ya Lamulungu inanditengera maola atatu ndi theka, chifukwa nyemba zimene ndinagula ku Saturday Market zinali zakale ndipo zinatenga maola awiri pa mbaula, komanso makontena anandichepera moti ndinathamangira kukagula ena. Kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu zonse zinayenda, ndipo ndinkadya nsima, nkhuku ndi repu pasanathe mphindi 25 chilowereni m'nyumba. Chipisi sindinagule ngakhale kamodzi. Lachitatu usiku ndinaiwala kutsitsa kontena, ndiye Lachinayi ndinapeza nkhuku ili gwa ngati mwala. Ndinaiika m'poto ndi madzi pang'ono pa moto wochepa, ndipo ndinadula chidutswa chachikulu pafupi ndi fupa kuti ndione ngati mkati mwatentha, ndinapeza mukuzizira, ndiye ndinawonjezera mphindi 10. Khobidi silinamire sabata yonse, linangolowa pang'ono mu ayezi Lachisanu. Madandaulo ndi awiri. Anzanga a mu ofesi sakukondwa ndi fungo la mazira ndi kapenta, moti tsopano ndimadyera panja pansi pa mtengo wa mango. Ndipo kapenta wa tsiku ndi tsiku akundipatsa ludzu lalikulu pa nthawi yonyamula zitsulo.

A Nabanda: Mwachita bwino kudula nkhukuyo n'kuona mkati, ndipo sabata ino muchotse mafupa musanaike m'firiza, chifukwa nyama yonyotsola imasungunuka msanga ndipo imatenga malo ochepa. Ludzulo ndi mchere. Kapenta wambiri amaumitsidwa ndi mchere, choncho musanakazinge mumunyike m'madzi ofunda mphindi 10, mutsuke kawiri, mumuyanike pang'ono padzuwa, ndipo musathirenso mchere. Koma wotsukidwayo akazingidwe mpaka aumiretu, apo ayi achita nkhungu m'botolo. Muthanso kumudya masiku atatu okha, masiku enawo soya. Nyemba zakale muzizindikira pogula: khungu lake limakhala lakuda ndi lokwinyika, ndipo zina zimakhala ndi timabowo ta anankafumbwe.

A Jere: Ine mazira ndayamba kuwiritsa, koma anayi owiritsa sakutsika opanda tsabola. A Mwale, kafiriza kanu kakukwana zonsezo pamodzi ndi mabotolo? Kanga kakangolowa makontena anayi chitseko sichitsekeka.

A Mwale: Sikakukwana, achimwene. Ndinachotsa mabotolo awiri kuti nyemba zilowe, ndipo mwina n'chifukwa chake khobidi linayamba kulowa Lachisanu. Sabata ino ndiyesa kuthira nyemba zozizira m'timapepala ta pulasitiki tolimba n'kutigoneka mophwatalala, kuti tisanjikizane ngati mabuku. A Nabanda, kodi nyemba zikasungunuka m'pepala lotere sizidontha m'firiji monse?

A Nabanda: Zimadontha ngati mfundo yake ndi yosalimba. Potsitsa muziika pepalalo m'mbale.